Ivone ndi Botolo Lokana Kutseguka

Ivone anabadwira ku Mandimba, kuseri kwa msika, m'banja lomwe linabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Mayi ake ankagulitsa nsomba zouma za ku Amaramba, ndipo iye anakulira pansi pa benchi lawo, akuyang'ana mapazi a ogula. Mwina khalidwe lake analitengera pamenepo, losayankhula zambiri koma maso ali ponseponse. Ankadziwa wogula weniweni ndi wongofunsa mtengo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Sukulu anafika nayo kalasi ya nona, yachisanu ndi chinayi. Kenako kunabwera António, mnyamata wa ku Ngauma yemwe ankaperekeza mabelo a fodya pa lole, wa nthabwala zake ndi chipewa chopendekera. Chaka chisanathe Ivone anali ndi pakati. Mwa mwambo, António ndiye akanabwera kudzamanga kwa mkazi, koma akwawo anati munda wa fodya susamuka, motero anapempha chitengwa. Ivone anakwera shapa, kaminibasi ka matola, ndi chikwama chimodzi, ndowa, ndi teremu yofiira yosungira madzi otentha imene mayi ake anamugulira. Anakatsikira kumtunda kwa Massangulo, m'mudzi momwe munalibe womudziwa dzina la ubwana.

Mwana atabadwa anamutcha Limbani. António sanakhalitse. Anapeza ntchito yonyamula matumba ku Cuamba, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Pakhomo panatsala Ivone, mwana, ndi apongozi ake, mayi Luciya.

Mayi Luciya sanali munthu woipa mtima. Anali ataika m'manda ana awo awiri akadali a m'manja, ndipo chiyambire pamenepo mwana aliyense ankamuyang'ana ngati wobwereka. Kutchalitchi sankajomba, koma zamakolo ankazisunganso zonse. Ankadziwa amene wathira mchere m'ndiwo, amene wanyamula mwana, ndi amene Ivone waseka naye kumsewu pogulitsa tomato. Ivone akapita kumjigo, pobwera ankapeza funso likumudikira. Kwawo kunali kutali, ndipo foni inali imodzi, ya apongozi omwewo.

Limbani atayamba kukwawa, mvula ili pakati, thupi linatentha. Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anamubaya chala, katesite kanaonetsa mizere iwiri, anamupatsa mapiritsi a malungo. Ivone ankawasungunula pa supuni monga anamuuzira, koma mwana ena ankalavula, ena ankasanza patapita kanthawi. Mapiritsi anatha, thupi linazizira pang'ono, ndiye patapita masiku linayambanso. Mwana anasiya kukwawa. Bere ankangoligwira n'kulisiya.

“Mankhwala a malungo wamwa, wamaliza,” anatero mayi Luciya ali pakhonde, akusankha nyemba. “Ndiye awa si malungo. Mwanayu watsemphedwa.”

Ivone anadziwa tanthauzo lake. Tsempho imagwira mwana ngati kholo layenda njira zosayenera. António anali ku Cuamba, ndipo palibe mayi amaloza mwana wake. Wotsala anali iye.

“Amayi, ine sindinachite kanthu.”

“Sindinanene kuti wachita. Ndati mawa tipite naye kutsidya, kwa asing'anga. Akakhala kumeneko mpaka achire.”

Kutsidya kunali kowoloka mtsinje ndi kukwera phiri. Ivone anali ataonapo mwana wa mnzake akupita kumeneko pamsana, n'kubwerako atakulungidwa mu mphasa. Anagwada n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti ayambe abwereranso kuchipatala. Mayi Luciya anasankha nyemba kwa kanthawi.

“Chabwino. Koma ndipita nawo. Akakapanda kupeza kanthu, sitibwerera kunyumba. Tikhotera konko.”

Mawa lake anafika dzuwa litapendeka, atayenda m'matope. Namwino, mayi Asha, anali yekha pakati pa mzere wa odwala ndi mayi wina wobereka m'chipinda cha kumapeto. Anamugwira Limbani pamphumi, namutsegula chikope, namumvera pachifuwa.

“Katesite kaja sikatithandiza lero,” anatero. “Munthu akadwala malungo, kamaonetsabe mizere iwiri kwa milungu ingapo ngakhale atachira. Tifunika kuona magazi enieniwo pa makina. Tizilombo tikakhalamo, ndimugoneka pano, jakisoni ndili naye. Tikapanda kukhalamo, ndiye kuti ndi matenda ena, mufunika Mandimba.”

“Mlatho wa kumsewu waukulu unakokoloka,” anatero mayi Luciya. “Mandimba wake uti?”

Wobereka uja anali atayamba kuitana. Mayi Asha anangoloza khomo la labu.

Tekiniko woyeza magazi pamenepo anali bambo Norberto, munthu wamtali, wowerama msana, wa ku Cuamba. Kachipinda kawo kanali ndi zenera limodzi, tebulo, sinki yopanda madzi, ndi makina oonera tizilombo ofundikidwa nsalu. Anamubaya Limbani chala, napaka dontho la magazi pa kagalasi, nakaika pambali kuti kaume. Mwana analira kamodzi kokha, mopanda mphamvu.

Kenako bambo Norberto anatsitsa pashelefu botolo lagalasi lakuda bii ngati la mankhwala a chifuwa, lokhala ndi chitsekerero chagalasinso. Anafotokoza kuti mkatimo muli utoto wotchedwa Giemsa, ndipo popanda utotowo tizilombo sitioneka, magazi amangokhala magazi. Anagwira chitsekerero, napotoza. Sichinasunthe. Anapukuta manja pa gawuni, nayesanso. Ivone anaona nsagwada zawo zikulimba, kenako anaona zala zawo zikuchisiya mwadala.

“Chakanirira,” anatero. “Chibwerere timatesite tija, garafa iyi sinatsegulidwe miyezi yambiri. Utoto unaumira m'khosimu, wagwira ngati simenti.”

“Mwamuna wamkulu ngati inu, botolo likukukanikani?” anatero mayi Luciya ali pakhomo. “Mwana wanga António akanatsegula ndi mano.”

“Akanatsala ndi mano ochepa, mayi. Mphamvu ndili nazo, koma ndikakakamiza, khosi lithyoka, magalasi agwera mkati, mwinanso m'manja mwangamu. Botolo ndi lomweli. Lina lidzabwera mlatho ukadzakonzedwa.”

“Liwambeni pamoto.”

“Utotowu ndi wosakaniza ndi alukolo, sipiriti uja wosachedwa kuyaka. Ukaona lawi, chipatala chonse chino tidzachiotha.” Anayang'ana pazenera. Batire la sola linali litafa kalekale, makina awo ankadalira kagalasi kolandira kuwala kwa dzuwa, ndipo mitambo inali ikusonkhana kumapiri. “Ndikufuna madzi otentha. Kukoleza moto ndi nkhuni zonyowazi, dzuwa litithera.”

Ivone anamasula kathumba kake natulutsa teremu yofiira ija. Anali atathiramo madzi m'mawa, oti apangire mwana phala.

Bambo Norberto anatsegula teremu, nadonthezera pang'ono kuseri kwa dzanja lawo. “Ali bwino. Otentha, koma osawira. Owira akhoza kung'alula galasi. Muli ndi kansalu koyera?”

Kansalu koyera kanali kamodzi, kachidutswa ka kapulana, chitenje, komwe Ivone ankapukutira mwana kukamwa.

“Tsopano ndikufuna manja,” anatero bambo Norberto. “Anga awiriwa ndi ogogoda ndi kupotoza. Wina agwire botolo patebulo kuti lisagwedezeke, ndi kukulunga nsalu. Mayi, inu?”

Mayi Luciya anabweza phazi lomwe linali litalowa m'chipinda. “Ine za mankhwala anuwo ayi. Manja anga amanjenjemera. Bweretsa mwanayo kuno, iwe ugwire.”

Anatambasula manja. Ivone anawayang'ana manjawo. Chiyambire m'mawa sanamutsitse Limbani kumsana kupatula pobayidwa chala, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Kuchokera pa benchi la panja kukafika pa njira yakutsidya panali pafupi, kungodutsa mpanda wa chinangwa, ndipo apongozi akanatha kuzemba naye mwana. Koma kukana kukanakhala kunena mokweza zomwe ankaganiza, pamaso pa mlendo. Ndipo kagalasi ka magazi kanali pomwepo, kakuuma, kopanda ntchito ngati botolo silitseguka.

Anamasula kapulana, napereka mwana.

“Mukhale pa benchi la pazenerapa, amayi. Kuti akalira ndimve.”

“Ndalera ana ambiri kuposa iwe,” anatero mayi Luciya, natuluka.

Bambo Norberto anayamba ndi kupala utoto woumira m'mphepete mwa chitsekerero ndi kamtengo, kenako anadonthezerapo alukolo pang'ono kuti alowerere mumpata. Anathira madzi m'kambale, nauza Ivone kuti aviike nsalu, aifinye kwambiri, aikulunge pakhosi. Madzi asalowe mkati ngakhale dontho, anatero, chifukwa amawononga utoto. Iwo anatembenuka kukasakasaka m'dirowa chinthu chogogodera.

Ivone anaviika, nafinya, nakulunga, maso ali pazenera. Ankaona mpango wa apongozi ake ndi kaphazi ka Limbani kakulendewera. Nsalu itayamba kuzizira anaiviikanso, naikulunganso, osayang'ana n'komwe. Manja ake anachita zomwe anazolowera.

Bambo Norberto atatembenuka ndi burashi ya chogwirira chamtengo, anaima, napumira m'mwamba.

“Mayi, mwalifunditsa ngati mwana. Mutu ndi khosi zonse.”

Ivone anayang'ana. Nsalu inali itakuta chitsekerero chonse, atailowetsanso bwinobwino m'mbali, monga amachitira ndi Limbani kukazizira.

“Ndalakwitsa?”

“Ine ndiye sindinalongosole. Galasi likatenthedwa limafutukuka pang'ono, mwakuti diso silingaone. Tikufuna khosi lokha lifutukuke, chitsekerero chikadali chozizira, kuti pakati pawo papezeke mpata. Zikatenthera limodzi, zimafutukukira limodzi, n'kugwiranabe.” Anakhudza chitsekerero ndi chala. Chinali chofunda. Anayesa kugogoda pang'ono, napotoza, koma sichinamve. “Tidikire zizizire zonse ziwiri, tiyambirenso.”

“Tiliviike m'madzi ozizira.”

“Galasi lotentha mukalidzidzimutsa ndi madzi ozizira limasweka. Lizizire lokha.”

Ivone anagwedeza teremu. Munatsala madzi ochepa. Kunja kuwala kunali kutasanduka kotuwa, ndipo mphepo inayamba kukankha chitseko. Ataponya maso pazenera, mayi Luciya anali ataimirira, akumangirira mwana kumsana.

Miyendo ya Ivone inafuna kuthamanga. Koma akatuluka akanena chiyani? Akanamulanda mwana agogo ake pamaso pa mzere wonse wa odwala, popanda yankho lililonse m'manja, ndipo mawa lake mudzi wonse ukanati mkazi wa António akuopa asing'anga chifukwa akudziwa chomwe anachita. Akanapitabe kutsidya, mochita kukokedwa. Njira yokha yotulukira m'chipindamo ndi mwana wake inali m'khosi la botolo lija.

“Amayi,” anaitana pazenera, mawu akuyesa kuwasalaza. “Tatsala pang'ono.”

“Mphepo yachuluka pano,” anayankha mayi Luciya. Anayenda, nazimiririka kuseri kwa khoma.

Bambo Norberto anali ataona zonse, koma sanafunse. Anagwira khosi la botolo, kenako chitsekerero, nadikiranso. Ivone anamva mabere atadzaza, mkaka ukudontha mkati mwa bulauzi. Anayesa kumvetsera kulira kwa mwana, koma ankangomva malata akulira ndi mphepo, ndi mayi wobereka uja kumapeto.

“Muli ndi ana, bambo?” anafunsa, pofuna kuti pakhale mawu.

“Atatu, ku Cuamba. Wamng'ono akandiona amathawa, amati ndine wa katemera.” Anakhudzanso botolo. “Lazizira. Tsopano mvetsani. Nsalu muipinde ikhale yopyapyala ngati lamba. Pakhosi pokha. Ndipo muyang'ane kuno, osati uko.”

Ivone anathira madzi otsala onse m'kambale. Anapinda nsalu, naiviika, naifinya mpaka zala kuwawa, naizunguliza pakhosi, m'munsi mwa mlomo wa botolo. Dzanja lina linagwira botolo pamimba, molimba, patebulo. Anachotsa maso pazenera. Chinali chinthu chovuta kuposa zonse zomwe anachita tsiku limenelo.

Sanadikire nthawi yaitali. Bambo Norberto anati kutentha kukakhalitsa kulowerera mpaka mkati. Anapendeketsa botolo pang'ono kuti mlomo wake uloze kukhoma, kutali ndi nkhope zawo, nayamba kugogoda mutu wa chitsekerero ndi chogwirira cha burashi. Ankagogoda pang'onopang'ono ngati munthu wogogoda pakhomo la wodwala, mbali ino, kenako mbali inayo, mokwezera m'mwamba, akuzungulira. Go, go, go. Anaika burashi pansi, nagwira chitsekerero ndi zala zitatu, napotoza pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere. Palibe.

“Musasiye,” anatero. Anagogodanso, mozungulira momwemo. Ivone ankamva kugogodako kukudutsa m'galasi kulowa m'chikhato chake. Nsalu inali ikuyamba kupola. Kenako kamvekedwe kanasintha, kuchoka pa go kufika pa kaphokoso kofewa ngati mchenga pansi pa mbale, ndipo mzere wopyapyala wa utoto unaoneka ukuyenda mumpata muja.

Bambo Norberto anapotoza. Chitsekerero chinatembenuka, chinakwera, chinatuluka. Fungo la alukolo linadzaza chipinda, ndipo dontho limodzi linatsikira pansalu ndi pa chala cha Ivone.

“Pitani,” anatero. “Zotsalazi ndi zanga.”

Pa benchi panalibe munthu. Ivone anazungulira khoma, nadutsa thanki yamadzi, mpaka anawaona. Mayi Luciya anali ataima pampata wa mpanda wa chinangwa, pomwe njira yakutsidya imayambira, mwana ali kumsana, nkhope ataloza kumapiri kumene mvula inali itayamba kale kugwa. Sanali kuyenda, komanso sanali kubwerera. Kaya anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji, Ivone sanadziwe, ndipo sanafunse.

“Latseguka, amayi.”

“Ndiye apeza chiyani?”

“Akuti tidikire pang'ono, utoto ugwire.”

Mayi Luciya anayang'ana njira, nayang'ana mpongozi wawo, ndi bulauzi yake yonyowa. “Mwana ali ndi njala,” anatero, namasula kapulana.

Ivone anakhala pansi pomwepo, pa udzu wonyowa, namuika kubere. Limbani anayamwa pang'ono. Thupi lake linali ngati mbatata yochokera paphulusa.

Atabwerera, anapeza bambo Norberto atasungunula utoto pang'ono ndi madzi ake a m'botolo lina, atauthira pa kagalasi. Anadikira, natsukuluza mosamala, naimika kagalasi kuti kaume, akuyang'ana kumwamba kawirikawiri. Kenako anakokera tebulo pafupi ndi zenera, nadonthezera mafuta pa kagalasi, nawerama pa makina, akutembenuza kagalasi kolandira kuwala kuti katole kotsalako. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikusuntha pang'onopang'ono. Madontho oyamba anayamba kugunda malata.

“Tizilombo tilimo,” anatero osadzutsa mutu. “Tambiri ndithu. Mapiritsi aja sanakhazikike m'mimba. Itanani mayi Asha.”

Ivone anatsamira khoma. Sanadziwe kuti munthu angamve mpumulo pouzidwa kuti mwana wake ali ndi malungo.

“Mukufuna muone, mayi?” bambo Norberto anafunsa mayi Luciya. “Timaoneka ngati timphete tofiirira.”

“Maso anga ndi okalamba. Ndikaona zomwe mwandiuza kuti ndione.” Anakonza mpango wawo. “Malungo akhoza kukhalapo, china n'kukhalaponso.”

“Zotheka. Ine makina anga amaona chimodzi chokhachi. Koma ichi ndiye chingamutenge msanga mukachoka naye pano.”

Mayi Asha anabwera manja akadali onyowa, namuyeza Limbani pa sikelo, nasakaniza mankhwala, namubaya. Anati agona pompo, jakisoni wina abayidwa mawa kusanache bwino, ndipo asachoke mpaka iye atanena. Anawapatsa bedi la pakona, loyandikana ndi mayi uja yemwe tsopano anali ndi kakhanda pambali.

Ivone anapita kukatenga teremu yake. Bambo Norberto anali akupukuta mkati mwa khosi la botolo ndi chitsekerero chomwe, mpaka zonse zinauma, asanatsekenso mopepuka. Anamubwezera kansalu kaja, kali ndi banga lofiirira.

Mayi Luciya atakaona anagwedeza mutu. “Kameneko usamupukutirenso mwana. Kagwiridwa ndi anthu ambiri.”

“Chabwino, amayi.”

Mvula inagwa yamphamvu, yotseka mapiri ndi njira yomwe. Mayi Luciya anayala kapulana yawo pansi, m'mbali mwa bedi, nakhala atatambalala, natulutsa foni.

“Ndimuuza António kuti ndi malungo,” anatero. “Zinazo tikakambirana kunyumba.”

Ivone anakhala pabedi, msana kukhoma, pomwe ankatha kuona khomo. Kansalu kaja anakapinda nakalowetsa m'thumba. Dzanja lina analiika pachifuwa cha Limbani, lomwe lija la chala chothimbirira, ndipo analisiya pomwepo likukwera ndi kutsika.